Mwayatsa VPN, Koma Akukudziwanibe

Yatsani VPN pa foni yanu, musankhe seva ya ku Netherlands, kenako mutsegule Facebook. Ikulandirani ndi dzina lanu lenileni, chithunzi chanu, ndiponso uthenga wa azakhali uja simunayankhebe. Siifunsa kuti ndinu ndani, ngakhale kuti malinga ndi zimene netiweki ikuonetsa, mwachoka ku Lilongwe n'kukafika ku Amsterdam m'kanthawi kochepa chabe. Ambiri amaona zimenezi tsiku ndi tsiku osaziganizira, chonsecho n'zokwanira kusonyeza kuti VPN sinawabise kwa Facebook ngakhale pang'ono.

Sikuti VPN yalephera ntchito. Yagwira ntchito yake, kungoti ntchitoyo ndi yochepa kuposa mmene otsatsa malonda amaikokomezera. Foni kapena kompyuta ikalumikizidwa ku intaneti imayenda ndi nambala ya IP yochokera ku kampani imene imakupatsani netiweki, kaya ndi TNM, Airtel kapena ina. Webusayiti iliyonse imene mwatsegula imaiona nambalayo, chifukwa ndi kumene iyenera kutumiza yankho, ndipo kuchokera pa nambalayo imadziwa dziko limene muli ndi kampani imene mumaguliko bandulo. Mukayatsa VPN, zonse zochoka pa foni yanu zimayamba zabisidwa n'kupita ku seva ya kampani ya VPN, kenako sevayo ndi imene imazipititsa kumene mukufuna. Zotsatira zake ndi ziwiri. Kampani ya netiweki, kapena mwini wake wa waifai ya pahotela, saonanso mawebusayiti amene mukutsegula. Webusayitiyo nayo imaona nambala ya IP ya seva ija m'malo mwa yanu. Ntchito ya VPN imathera pomwepo.

Zili ngati kulemba kalata n'kuitumiza kaye kwa msuweni wanu ku Joni kuti iye akaiponye kumeneko. Woilandira aona sitampu ya ku South Africa, zoona. Koma ngati mwasayina dzina lanu m'munsi mwa kalatayo, sitampuyo yabisa chiyani? Ndipo ngakhale musasayine, munthu amene analandirapo makalata anu khumi amazindikira kalembedwe ka dzanja lanu. Akaunti imene simunatulukemo ndi siginecha ija, pamene chidindo cha bulawuza ndi kalembedwe ka dzanja.

Kuki yomwe imakuyankhulirani

Intaneti payokha ilibe chikumbumtima. Nthawi iliyonse bulawuza yanu, kaya ndi Chrome, Firefox kapena Safari, ikapempha tsamba, seva imaiona ngati mlendo watsopano. Kuti musamalembe pasiwedi pa tsamba lililonse, mu 1994 Lou Montulli wa ku kampani ya Netscape anakonza njira ya makuki. Kuki ndi kachidutswa ka zilembo ndi manambala kamene webusayiti imasiya mu bulawuza yanu. Mukalowa mu akaunti, seva imakupatsani kuki yonena kuti mwini bulawuza iyi watsimikizika kale kuti ndi uje. Kuyambira pamenepo bulawuza imatumiza kukiyo yokha, osakufunsani, nthawi iliyonse ikamalankhula ndi webusayitiyo. Pa Facebook, mwachitsanzo, kuki yotchedwa c_user imasunga nambala yeniyeni ya akaunti yanu.

Kukiyo ili m'foni mwanu, osati ku netiweki. VPN siikhudza. Imainyamula mokhulupirika, yobisika bwino kuti wina asaione panjira, n'kukaitula m'manja mwa Facebook kapena Google. Kampaniyo imangolemba m'kaundula wake kuti akaunti yakutiyakuti, imene m'mawa inali pa nambala ya IP ya ku Malawi, madzulo ano yaonekera pa nambala ya ku Amsterdam. Kunena zoona, mwaipatsa chidziwitso chatsopano: tsopano ikudziwa kuti mumagwiritsa ntchito VPN, ikudziwa seva yake, ndiponso nthawi imene munali pa sevayo. Amene akufuna kudzionera yekha atsegule Gmail pa kompyuta, atsike m'munsi mwenimweni n'kudina pa Details pansi pa mawu akuti Last account activity. Mndandanda wa manambala a IP uli pamenepo, a kwanu ndi a VPN atasakanikirana, onse pansi pa dzina limodzi.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi mchira wina. Akaunti zambiri tinazitsegula ndi nambala ya foni, ndipo kuyambira mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso. Choncho kuchoka pa kuki kufika pa akaunti, pa nambala ya foni, mpaka pa dzina lolembedwa pa chitupa cha unzika, njira yake ndi yaifupi kwa aliyense amene ali ndi chilolezo cha khoti.

Vuto silithera pa tsamba la Facebook kapena la Google lokha. Mawebusayiti ochuluka kwambiri, a nyuzipepala, a masitolo, ngakhale ofotokoza za matenda, amaika m'masamba awo tizidutswa ta mapulogalamu ta makampani aakuluwa: kanema wa YouTube, mapu, malonda, kapena kachida kowerengera alendo monga Meta Pixel. Mukatsegula tsamba lotere, bulawuza yanu imalankhulanso ndi kampani yaikuluyo mwakachetechete, ndipo ngati bulawuzayo imalola makuki a mawebusayiti ena, kuki ya akaunti yanu imapita nawo limodzi ndi adiresi ya tsamba limene mukuwerenga. Safari inatseka khomo limeneli kotheratu mu 2020, ndipo Firefox inayamba kupatula makuki a webusayiti iliyonse paokhapaokha kwa anthu onse a pa kompyuta mu 2022. Chrome, imene imabwera kale m'mafoni ambiri a Android, inalonjeza kwa zaka zingapo kuti ichotsa makuki amenewa, koma mu 2024 Google inabwerera m'mbuyo.

Kutuluka mu akaunti nakonso sikufufuta zonse. Facebook imasiya kuki ina, datr, imene imazindikiritsa bulawuza osati akaunti, ndipo imakhala kupitirira chaka. Mukatuluka mu akaunti yanu n'kutsegula ina ya dzina lopeka pa bulawuza yomweyo, akaunti ziwirizo zagwirana kale manja, VPN ikhalepo kapena isakhalepo.

Mlandu wa ku Massachusetts

Pali mlandu wina wa ku America umene umaonetsa bwino mmene kulowa mu akaunti kumaululira munthu. Mu Okutobala 2017 apolisi a FBI anamanga mnyamata wa zaka 24 wa mumzinda wa Newton, m'chigawo cha Massachusetts, chifukwa chozunza pa intaneti mtsikana amene anakhalapo naye nyumba imodzi ya lendi, komanso kuopseza masukulu kuti muli mabomba. Mnyamatayu sanali mbuli. Anaphunzira za makompyuta, ndipo ankagwiritsa ntchito Tor, VPN ndi maimelo osaonetsa dzina.

Zikalata za kukhoti zinasonyeza kuti akaunti ya Gmail ya dzina lake lenileni, ndi ina ya dzina lopeka yokhudzana ndi nkhanzazo, zinatsegulidwa kuchokera pa nambala imodzi ya IP ya VPN. Pachokha chimenechi sichikanakwanira, popeza seva imodzi ya VPN imatumikira anthu ambiri. Koma kampani ya PureVPN, imene inkalengeza kuti siisunga zimene makasitomala ake amachita, inali ndi kaundula wa nthawi zolumikizira, ndipo inatsimikiza kuti kasitomala mmodzi yemweyo ankalumikiza kuchokera kunyumba kumene mnyamatayo ankakhala ndiponso kuntchito kwake. Mu 2018 anamugamula kukakhala kundende zaka 17 ndi theka.

Palibe angamumvere chisoni, ndipo ndi bwino kuti anagwidwa. Koma onani njira imene inatsatidwa: palibe amene anathyola chinsinsi cha VPN. Ofufuzawo anangoika makaundula awiri pambali pa anzake n'kufananiza nthawi. Njira yomweyo ingagwire ntchito pa mtolankhani amene akuteteza womutsina khutu, kapena wantchito amene akuulula zakuba pa ofesi yake. Kungotsegula imelo yanu yeniyeni kwa mphindi imodzi, muli pa seva yomwe mukuchitirapo zachinsinsi, ndiye kuti mwalumikiza nokha mayina awiriwo.

Chidindo chimene simungachifufute

Tiyerekeze kuti mwachenjera. Mwatuluka mu akaunti zonse, mwafufuta makuki, mwatsegula zenera la Incognito. Chatsala n'chiyani?

Chatsala ndi bulawuza yeniyeniyo. Kuti tsamba lioneke bwino pa chipangizo chanu, webusayiti imaloledwa kufunsa mafunso ambiri, ndipo bulawuza imayankha osakuuzani. Sikirini ndi yaikulu bwanji? Chinenero chosankhidwa ndi chiti? Wotchi yatcheredwa pa nthawi ya dera liti? Muli mitundu iti ya zilembo? Kachipangizo kojambula zithunzi m'kati mwake ndi ka kampani iti? Funso lililonse lili ndi chifukwa chomveka, ndipo yankho lililonse palokha silitchula munthu. Koma mayankho onse akaikidwa pamodzi amapanga chidindo, ndipo chidindocho n'chofanana kaya mwadzera ku Amsterdam, ku Toronto kapena pa netiweki ya kwanu.

Pa kompyuta mungaone ena mwa mayankhowa nokha. Dinani F12, musankhe Console, ndipo mulembe mizere iyi umodziumodzi:

```
Intl.DateTimeFormat().resolvedOptions().timeZone
navigator.language
screen.width + "x" + screen.height
```

Mzere woyambawo ndi umene umadabwitsa anthu. Chipangizo chotcheredwa pa nthawi ya ku Malawi nthawi zambiri chimayankha kuti Africa/Blantyre, cha ku Zambia Africa/Lusaka, cha ku Zimbabwe Africa/Harare. VPN siisintha wotchi ya foni yanu. Ndiye webusayiti ikuona mlendo amene nambala yake ya IP ndi ya ku Netherlands koma wotchi yake ikuti Blantyre. Ndi anthu angati otere amene amatsegula tsamba limenelo pa tsiku? M'malo mosowa m'chigulu, mwaonekera kwambiri kuposa poyamba.

Mphamvu ya chidindo ili m'kuchulukitsa. Nachi chitsanzo cha manambala ongoyerekeza. Tinene kuti anthu 100,000 atsegula webusayiti ina kudzera pa VPN. Ngati mmodzi pa 500 alionse ali ndi wotchi ya Blantyre, atsala 200. Ngati mmodzi pa 10 mwa amenewa ali ndi sikirini yofanana ndi yanu, atsala 20. Ngati mmodzi pa 5 akugwiritsa ntchito Chrome yatsopano mofanana ndi yanu, atsala anayi. Funso limodzi lina, ndipo mwatsala nokha. Mafunso anayi okha, pamene mapulogalamu otolera zidindo amafunsa makumi angapo.

Woyamba kuyeza zimenezi pa anthu ambiri anali Peter Eckersley wa bungwe la Electronic Frontier Foundation ku America. Mu 2010 anatsegula webusayiti yotchedwa Panopticlick, ndipo mwa mabulawuza 470,161 amene anayezedwa, 83.6 peresenti anali ndi chidindo chosafanana ndi china chilichonse. Mwa amene anali ndi Flash kapena Java, mapulogalamu amene ankaulula mndandanda wonse wa mitundu ya zilembo, chiwerengerocho chinafika pa 94.2 peresenti.

Flash ndi Java zinachoka m'mabulawuza, koma panabwera njira ina yochenjera kwambiri. Mu 2012 Keaton Mowery ndi Hovav Shacham a ku yunivesite ya California ku San Diego anasonyeza kuti webusayiti ingauze bulawuza kuti ijambule chiganizo ndi mitundu ingapo pamalo osaoneka, kenako n'kuwerenga kadontho kalikonse ka chithunzicho. Kwa maso a munthu zithunzi zochokera pa makompyuta awiri zimaoneka zofanana. Koma m'mphepete mwa zilembo, pamene mtundu wakuda ukusungunukira mu woyera, timadontho timasiyana pang'ono malinga ndi kachipangizo kojambula zithunzi, pulogalamu yokayendetsa ndi zilembo zimene zilimo. Webusayiti imasandutsa chithunzi chonsecho kukhala nambala imodzi n'kuisunga kwawo. Pa foni yanu sipatsala kanthu koti mufufute. Pofika 2014, ofufuza a ku KU Leuven ku Belgium ndi ku Princeton ku America anapeza njirayi pa mawebusayiti opitirira 5 peresenti mwa 100,000 otchuka kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo anaitengera ku kampani imodzi, AddThis.

Apa tisakokomeze. Anthu amene anapita ku Panopticlick anali okonda zachinsinsi, amene amasinthasintha makompyuta awo, choncho sankaimira anthu wamba. Kafukufuku wa mu 2018 amene anayeza zidindo pafupifupi 2 miliyoni pa webusayiti ina yotchuka ya ku France anapeza kuti 33.6 peresenti zokha ndi zimene zinali zapazokha, ndipo pa mafoni zinali 18.5 peresenti. Chifukwa chake n'chomveka: mafoni awiri a mtundu umodzi ochokera mufakitale imodzi amajambula mofanana. Munthu wa iPhone yotchuka ku Paris ali ndi amapasa ambirimbiri. Koma chitetezo chimenecho chimadalira kuchuluka kwa ofanana nanu pamalo pamene muli. Foni ya Tecno kapena itel ili ndi anzake ochuluka pa webusayiti ya nkhani za ku Malawi, koma ikaonekera pa seva ya ku Ulaya ili ndi wotchi ya Blantyre, anzakewo amachepa kwambiri.

Pamene ziwirizi zikumana

Chidindo pachokha sichidziwa dzina lanu. Chimangonena kuti chipangizo chimene chabwera lero ndi chomwe chija chinabwera dzulo. Dzina limachokera ku akaunti, ndipo kumanga ziwirizi kumafuna ulendo umodzi wokha.

Tiyerekeze mayi wina amene amagula zinthu pa webusayiti ya sitolo. Lolemba walowa mu akaunti yake, yopanda VPN, n'kulemba dzina, nambala ya foni ndi kumene katundu akafikire. Sitoloyo, kapena kampani imene inailemba ntchito yotolera zidindo, yasunga chidindo cha foni yake pambali pa akauntiyo. Lachinayi akufuna kuona mankhwala a matenda amene safuna kuti aliyense adziwe. Wayatsa VPN, watsegula Incognito, sanalowe mu akaunti. Nambala ya IP ndi yachilendo, makuki palibe. Koma sikirini ndi yomweyo, wotchi ndi yomweyo, chithunzi chobisika chija chatuluka ndi nambala yomweyo. Sitoloyo singalumbire kuti ndi iyeyo, koma ingathe kunena kuti mwayi ndi waukulu kwambiri, ndipo kwa otsatsa malonda zimenezo n'zokwanira. Ngati kampani yotolera zidindoyo imagwiranso ntchito ndi mawebusayiti ena, dzina limene linamangidwa Lolemba lingathe kumutsatira kumenekonso.

Zidindo zimasintha, bulawuza ikakonzedwanso kapena mukasintha chinenero, koma zimasintha pang'onopang'ono, mbali imodzi pa nthawi. Eckersley yemwe uja anasonyeza kuti pulogalamu yosavuta ingathe kulumikiza chidindo chatsopano ndi chakale, ndipo pamene inkalosera inkalondola pa maulendo opitirira 99 pa 100.

Si onse otolera zidindo amene ali ndi cholinga choipa. Mabanki amazigwiritsa ntchito pozindikira kuti amene walowa ndi pasiwedi yanu ali pa chipangizo chachilendo, n'chifukwa chake nthawi zina amakutumizirani nambala yotsimikizira. Kwa ine vuto ndi lakuti kuki mungaione n'kuikana, pamene chidindo chimatengedwa inu osadziwa. Google yomwe inanenapo zofanana ndi zimenezi mu 2019. Koma kuyambira pa 16 Febuluwale 2025 inachotsa lamulo loletsa makampani otsatsa malonda kudzera mwa iyo kugwiritsa ntchito zidindo, ndipo ofesi yoteteza zinsinsi za anthu ku Britain, ICO, inadzudzula kusinthako poyera.

Zimene zimathandiza ndi zimene sizithandiza

Choyamba n'kulekanitsa. Zimene mumachita ndi dzina lanu zikhale mu bulawuza ina, ndipo zimene simufuna kuti zilumikizidwe ndi inu zikhale mu ina, imene simunalowerepo mu akaunti iliyonse chiikireni. Zenera la Incognito limayamba lopanda makuki, zomwe ndi zabwino, koma chidindo chake chimakhala pafupifupi chomwecho, ndipo mukangolowa mu akaunti muli m'menemo phindu lake latha. Ngati nkhaniyo ndi yoika moyo kapena ntchito pachiswe, musatsegule akaunti yanu yeniyeni muli pa seva yomweyo ya VPN, ngakhale kudzera mu bulawuza ina. Pa foni zimenezi n'zovuta, chifukwa Gmail, WhatsApp ndi Facebook zimalankhula ndi maseva awo zokha, inu musanazitsegule n'komwe, ndipo zonsezo zimadutsa pa VPN yomweyo pa nthawi yomweyo.

Ambiri akamva za zidindo amathamangira kuwonjezera timapulogalamu todzitetezera mu bulawuza n'kusintha zotchera zonse. Nthawi zambiri zimenezi zimaipitsa zinthu, popeza bulawuza yosinthidwa mwapadera ndiye imakhala yokhayokha. Imene imanama kuti ndi iPhone pamene kajambulidwe kake ndi ka Android imadziulula msanga.

Njira zogwira ntchito ndi ziwiri. Tor Browser imayesetsa kuti onse oigwiritsa ntchito azioneka ofanana: imanena kuti wotchi ili pa UTC kulikonse kumene muli, imazungulira tsamba ndi mpanda wopanda kanthu kuti kukula kwa zenera kugwere pa miyezo yowerengeka, ndipo siipereka chithunzi chobisika chija popanda chilolezo chanu. Mullvad Browser, imene inatuluka mu 2023 mogwirizana ndi a Tor, imachita zomwezo koma inakonzedwa kuti iziyenda ndi VPN pa kompyuta. Brave inatenga njira ina: imasokoneza mayankho ena pang'ono, mosiyanasiyana pa webusayiti iliyonse, kuti chidindo cha pano chisafanane ndi cha uko. Zonsezi zili ndi mtengo wake. Masamba ena amakana kutseguka, ena amakufunsani kangapo kuti mutsimikize kuti ndinu munthu, ndipo Tor imachedwa, makamaka netiweki ikakhala yofooka kale.

Kuti mudziwe pamene mwaima, webusayiti ya Panopticlick ija ilipobe, koma kuyambira mu 2020 imatchedwa Cover Your Tracks, pa coveryourtracks.eff.org. Yezani bulawuza yanu VPN ili yozima, mulembe penapake zimene zatuluka pa mzere wa wotchi, wa sikirini ndi wa canvas, kenako muyatse VPN n'kuyezanso. Pa Chrome wamba mizere itatuyo ituluka chimodzimodzi maulendo onse awiri. Mukabwereza pa Brave, mzere wa canvas ukuuzani kuti yankho lasokonezedwa dala, pamene pa Tor Browser wotchi ya Blantyre siionekanso.